Doriyani ndi maina wamba: noti imodzi ija, ndi zimene imachita ku nyimbo

*Funso: Ndimaimba kiyibodi ndipo ndakhala ndikuphunzira mamodi. Anandiuza kuti D Doriyani ndi makiyi oyera okhaokha kuyambira pa D kukafika pa D wina. Koma ndikaimba, ndimangomva C meja yomwe ija. Nthawi zina ikamveka ngati maina, sindisiyanitsa ndi D maina wamba. Kusiyana kwake kwenikweni kuli pati, nanga ndingadziwe bwanji nthawi yogwiritsa ntchito iyi kapena inayo?*

Amene anakuuzaniwo sananame, koma anakupatsani theka lokha. Makiyi oyera kuyambira D kukafika D ndi manoti a D Doriyani ndithu, kungoti modi sipangidwa ndi noti imene chala chayambira. Imapangidwa ndi noti imene khutu lavomereza kuti apa ndiye pakhomo, pamene nyimbo ikafika imakhala pansi n'kupuma. Khutu lanu lakhala zaka zambiri likumva makiyi oyerawo akubwerera ku C, choncho mukangowathamangitsa kuchokera pa D popanda chilichonse chogwira D pansi, limangoti, "Iyi ndi C ija, angoyambira panjira." Ndiye tisanafike pa noti yosiyanitsa, tiyambe takonza za pakhomopa.

Khalani pa kiyibodi, dzanja lamanzere ligwire D wapansi ndi A wapamwamba pake, ndipo musawasiye. Mawu akamazilala, muwagundenso. Dzanja lamanja liziyenda pang'onopang'ono pa makiyi oyera, koma mawu aliwonse a chuni muziwatsirizira pa D, F kapena A. Musafulumire. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, gundani C ndi dzanja lamanja n'kuima pomwepo. Mukamva kuti C uja waima mwendo umodzi, akufuna kukwera kukakhala pa D, ndiye kuti khutu lasamuka, ndipo zimene mukumvazo ndi Doriyani. Mukamva kuti C wakhala bwinobwino ngati mwini nyumba, pitirizani kugunda D wapansiyo. Ophunzira anga ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa imaoneka yachibwana, koma popanda iyo zonse zotsatirazi zimangokhala masamu a papepala.

Mamodi onse asanu ndi awiri amabadwa mwa njira yomweyo. Sikelo ya meja ili ndi manoti 7, ndipo iliyonse mwa iwo ikhoza kukhala pakhomo. Pakhomo pakakhala pa do, ndi Ayoniyani, yomwe ndi meja imene tonse tikuidziwa. Pa re ndi Doriyani, pa mi ndi Firijiyani, pa fa ndi Lidiyani, pa so ndi Mikisolidiyani, pa la ndi Eyoliyani, pa ti ndi Lokiriyani. Eyoliyaniyo ndiye maina wamba, amene ena amamutchula kuti nachulo maina. Choncho funso lanu kwenikweni ndi lakuti: nyimbo yokhala pa re imasiyana bwanji ndi nyimbo yokhala pa la?

Kuyerekeza D Doriyani ndi C meja sikungakuyankheni, chifukwa manoti ake ndi amodzimodzi. Kuyerekeza D Doriyani ndi A maina sikungakuyankheninso, pa chifukwa chomwecho. Njira imene imatsegula khutu ndi kuika mamodi awiriwo pa khomo limodzi, onse ayambire pa D.

```
D Doriyani:     D  E  F  G  A  B   C  D
D maina wamba:  D  E  F  G  A  Bb  C  D
```

Manoti asanu ndi imodzi ndi ofanana. Yosiyana ndi noti yachisanu ndi chimodzi yokha: Doriyani ili ndi B, maina wamba ali ndi Bb. Mukawerenga makiyi onse, oyera ndi akuda, kuchokera pa D, Bb ali pa mtunda wa matheka a sitepe 8, pamene B ali pa 9. Kwa oimba ndi solofa, tinene kuti nonse mwagwirizana kutchula pakhomo kuti la. Maina wamba ndi la ti do re mi fa so la. Doriyani ndi la ti do re mi fi so la, fa uja wakwezedwa ndi theka la sitepe. Palibenso china.

Munthu akhoza kudabwa kuti kiyi imodzi ingasinthe bwanji nyimbo yonse. Chinsinsi chili pa mnansi wake wa pansi, A, noti yachisanu, yomwe ndi mzati wachiwiri wa nyumba pambuyo pa D. Bb ali theka la sitepe pamwamba pa A. Manoti oyandikana chonchi amakokana, ndipo wofooka ndiye amagwera pa wamphamvu. Gwirani Dm kumanzere, kumanja muimbe A, Bb, A pang'onopang'ono. Mumva Bb atalemedwa, akutsamira pa A, ndipo akatsika zimamveka ngati munthu wausa moyo. Kulira kumene timamva mu nyimbo zambiri za maina kumachokera pamenepa, pa fa wogwera pa mi. Tsopano imbani A, B, A pa khodi yomweyo. B ali sitepe yathunthu kuchokera pa A, sakukokedwa mwamphamvu. Akhoza kutsika, akhoza kukwera kupita ku C amene ali naye pafupi, akhozanso kungoima. Mdima wa maina ukadalipo chifukwa F sanasunthe, ndipo F ndiye amapangitsa kuti khodi ya pakhomo ikhale maina, koma kulemedwa kuja kwachoka. Ine ndikamamva Doriyani ndimamva munthu amene ali ndi chisoni koma akuyenda, mutu ali chiweramutsire, pamene maina wamba ndi munthu amene wakhala pansi nacho chisonicho. Wina akhoza kufotokoza ndi mawu ena, koma zoti Bb amagwa ndipo B amaima aliyense amazimva.

Yesaninso ichi, chifukwa chimaonetsa kusiyanaku pafupi kwambiri. Gwirani D, F ndi A pamodzi, muwonjezere B pamwamba n'kusiya zilire. Imeneyo ndi Dm6, khodi yokhala ndi kakuthwa pang'ono koma yoti mukhoza kukhalapo nthawi yaitali, ngakhale kutsekera nyimbo. Chotsani B muikepo Bb. Nthawi yomweyo A ndi Bb ayamba kukhulana, ndipo khutu liyamba kukayika ngati ikadali khodi ya D, chifukwa manoti anayiwo ndi omwe amapanga Bbmaj7. N'chifukwa chake woimba solo pa khodi ya Dm imene yakhala nthawi yaitali osasintha amapeza ufulu wambiri mu Doriyani: noti iliyonse mwa zisanu ndi ziwirizo akhoza kuimapo osapweteka khutu. Mu maina wamba, Bb ndi noti yodutsapo, osati yokhalapo.

Tibwere ku makhodi, kumene kusiyanaku kumaonekera kwambiri kwa munthu wa kiyibodi. Noti iliyonse ya sikelo imapezeka m'makhodi atatu a manoti atatuatatu: pena ili pansi, pena pakati, pena pamwamba. Ndiye mukasintha noti imodzi, makhodi atatu asintha, anayi atsala momwe analili.

```
D Doriyani:     Dm  Em    F  G   Am  Bdim  C
D maina wamba:  Dm  Edim  F  Gm  Am  Bb    C
```

Dm, F, Am ndi C zili mbali zonse. Nyimbo imene ikungozungulira pa makhodi anayi amenewa, chuni chake osakhudza noti yachisanu ndi chimodzi, sinasankhe mbali. Apa ndi pamene ndikuganiza kuti inu mumasokonezeka mukati simusiyanitsa: mwina mukuimba zinthu zimene zilibe B kapena Bb, ndiye palibe choti musiyanitse. Sikelo ya manoti asanu imene oimba gitala amaikonda, D F G A C, ilinso chimodzimodzi: imalowa konsekonse chifukwa inasiya panja noti yovutayo.

Mwa makhodi atatu osinthawo, yofunika kuiyang'anitsitsa ndi yachinayi. Mu Doriyani ndi G meja, G B D. Mu maina wamba ndi Gm, G Bb D. Munthu akandifunsa kuti ndimuonetse Doriyani m'masekondi khumi, sindimuimbira sikelo. Ndimangoimba Dm, G, Dm, G. Khodi ya pakhomo ya maina yotsatidwa ndi khodi yachinayi ya meja, chimenecho ndiye chizindikiro chake. Kuti mumve bwino, dzanja lamanja ligwire F, A, D kuchokera pansi kupita pamwamba. Chala cha pa D chisasunthe. Zala ziwiri zapansi zikwere sitepe imodzi chilichonse, F apite pa G, A apite pa B. Bwererani. Kenako chitaninso, koma A apite pa Bb. Chala chimodzi chasuntha pang'ono chabe, koma poyamba paja zimamveka ngati wina watsegula zenera, kachiwirika ngati mtambo wadutsa.

Maina wamba alinso ndi chuma chake chimene Doriyani ilibe, ndipo ndisakunamizeni kuti ina ndi yoposa inzake. Chuma chimenecho ndi khodi yachisanu ndi chimodzi, Bb meja. Kuyenda kwa Dm, Bb, C, Dm, kapena Dm, C, Bb, C, kapena Dm, Bb, F, C, kuli ndi kukula ndi kulemera kumene nyimbo zambiri zachisoni ndi zamphamvu zimadalira. Doriyani pamalo amenewo ili ndi Bdim, khodi yosakhazikika imene simungamangepo chilichonse cholimba. Koma Doriyani imabweza ngongoleyo pa khodi yachiwiri: ili ndi Em yabwinobwino, ndipo Dm, Em, Dm, Em, kapena Dm, Em, F, Em, ndi kayendedwe kofatsa kamene maina wamba sangakapereke chifukwa iye ali ndi Edim pamenepo. Mwachidule, khodi yopunduka ija ilipo konsekonse, yangosamuka malo.

Tsopano tipange kachidutswa ka mabaa 8, baa iliyonse ya mabiti anayi, kuti tione zimene zimalakwika. Ndiyamba ndi mmene ophunzira ambiri amakalembera koyamba:

```
Dm | G | Dm | G | F | G | C | Dm
```

Makhodi onsewa ndi a D Doriyani, palibe wolakwa. Mabaa anayi oyamba akumveka bwino. Koma imbani mpaka kumapeto mumve zimene zichitike pa baa 7. F, G, C ndi khodi yachinayi, yachisanu ndi yoyamba za C meja, msewu waukulu umene khutu lililonse limaudziwa ngakhale lili m'tulo. Nyimbo ikafika pa C uja imakhala pansi, imatha. Dm wa pa baa 8 amangomveka ngati mawu owonjezera munthu atatsanzika kale. Mmene mungadziwire n'zosavuta: siyani kuimba pa baa 7. Ngati simukumva njala ya khodi ina, C walanda nyumba.

Chimene chimapatsa C mphamvu imeneyi ndi manoti awiri, F ndi B. Ali pa mtunda wa matheka a sitepe 6, umene umatchedwa tiraitoni, ndipo akalira pamodzi B amafuna kukwera ku C, F amafuna kutsikira ku E. C ndi E ndiwo mtima wa khodi ya C meja. Vuto la Doriyani ndi lakuti manoti awiri amene amaipanga kukhala Doriyani, F wa mdima ndi B wa kuwala, ndi omwewonso amene amaloza njira yotulukira. Mukaika F pa khodi ya G n'kukhala G7, G B D F, mwasonkhanitsa awiriwa m'dzanja limodzi. Sikuti G7 ndi yoletsedwa. Dm7 ndi G7 zosinthanasinthana ndi kayendedwe kodziwika kwambiri ka Doriyani mu jazi ndi mu fanki. Chofunika n'chakuti G7 ibwerere ku Dm nthawi zonse. Mukangoilola kamodzi kokha kugwera pa C pa biti yamphamvu, kumapeto kwa chiganizo cha nyimbo, khutu silibwereranso msanga.

Tikonze posintha dongosolo la theka lachiwiri, ndipo tiikepo chuni. Kachizindikiro ka ' kakutanthauza noti ya pamwamba, ndipo kamzere kakutanthauza kuti noti ikupitirira kulira.

```
Dm: D F A A  | G: B B A G   | Dm: F A D' C' | G: B - - -
C:  G E G C' | G: D' B G B  | Dm: A F E F   | Dm: D - - -
```

Taonani zimene zasintha. C akadalipo, koma tsopano akubwera G wa pa baa 6 asanabwere, ndipo akupita kwa G, amene akugwera pa Dm. Zoona, pakati pa baa 4 ndi 5 pali G wopita kwa C, koma C ameneyo ali poyambira chiganizo chatsopano, chuni pamenepo chatsikira pa G osati kukwera pa C, ndipo nyimbo ikupitirira osapuma, ndiye sapeza mpata wokhala pansi. Ngati mukumvabe kuti akukoka, musiye D akulira ku besi pansi pa G wa pa baa 4, kapena m'malo mwa C muikepo Am. Dm watenga mabaa anayi mwa asanu ndi atatu, ali poyamba, ali pomaliza, ndipo mabaa awiri otsiriza ndi ake. Umu ndi mmene modi imakhazikikira: khodi ya pakhomo ikhale nthawi yaitali kuposa zina, igwere pa malo amphamvu, ndipo besi izibwerera pa D.

Mu chunimo B akupezeka kasanu, ndipo sanabisidwe. Ali pa biti yoyamba ya baa 2, ndipo pa baa 4 wagwira baa yonse yekha. Ndachita dala. Noti imene imapatsa modi nkhope yake iyenera kumveka pa malo oonekera, apo ayi womvera sadziwa kuti ilipo. Kulakwitsa kwachiwiri kumene ndimakumana nako kawirikawiri ndi kwa munthu amene akuti akuimba Doriyani, koma B amangomudutsa mothamanga pakati pa A ndi C ngati akumuopa. Zotsatira zake n'zimene mwanena zija, maina wosadziwika mtundu.

Tsopano imbaninso kachidutswa komweko, koma B aliyense akhale Bb ndipo G aliyense wa khodi akhale Gm. Manoti asanu a chuni asintha, makhodi atatu asintha, china chilichonse chili pomwepo. Mvetserani malo awiri. Pa baa 4, B wautali uja anali ngati funso lofunsidwa ndi nkhope yowala, pamene Bb wautali akumveka ngati dandaulo limene likudikira kutsika. Ndipo polowa baa 7, pamene chuni chikuchoka pa noti yachisanu ndi chimodzi kupita pa A, B amatsika ngati munthu wotsika sitepe mwakufuna kwake, Bb amachita kugwa. Jambulani zonse ziwiri pa foni, mumvetsere mawa lake musanakhudze kiyibodi. Mukatha kunena kuti iyi ndi iti osayang'ana, ntchito yagwirika.

Ngati mumagwiranso gitala, malo ake ndi osavuta kupeza. Pa bokosi la manoti asanu la D maina limene limayambira pa fureti 10, chingwe chachiwiri chili ndi A pa fureti 10, Bb pa 11, ndi B pa 12. Kusiyana konse kwa mamodi awiriwa kuli pa mafureti awiri oyandikanawo.

Nanga nyimbo ya anthu ena, imene mwapatsidwa kuti muiperekeze kapena muikemo solo, mungadziwe bwanji? Musayambire pa sikelo, yambirani pa makhodi. Pezani pakhomo poyamba, khodi imene nyimbo imapumirapo. Ikakhala Dm, funafunani khodi ya pa G. Ikakhala G meja kapena G7 yobwerera ku Dm, kapena mukapeza Em, muli mu Doriyani, gwiritsani B. Mukapeza Gm kapena Bb, muli mu maina wamba, gwiritsani Bb. Apa palibe za kukonda kwa munthu. Mukaimba B pamene oimba anzanu agwira Gm kapena Bb, noti yanu ikukhulana ndi yawo pa theka la sitepe, ndipo aliyense m'chipindamo atembenuka kukuyang'anani. Kusankha kumakhalapo pokhapokha makhodi atasiya khomo lotsegula, monga Dm yekha, kapena Dm ndi C, kapena Dm ndi Am, ndipo ngakhale pamenepo muyambe mwamvetsera ngati woimba chuni sanasankhe kale.

Nyimbo zina zili ndi zonse ziwiri, G meja pa vesi, Bb pa kolasi. Zimenezo si zolakwika, ndipo musavutike kuipezera dzina limodzi nyimbo yotero. Tsatirani khodi imene ikulira nthawi imeneyo: B pa G, Bb pa Bb. Kusakaniza kotereku n'kwakale kwambiri. Mu nyimbo za tchalitchi za ku Ulaya za zaka mazana ambiri zapitazo, modi yokhala pa D inkalola B kutsitsidwa kukhala Bb, makamaka chuni chikangokhudza notiyo n'kubwerera pa A. Ndipo Eyoliyani ndi Ayoniyani monga mamodi oima paokha zinalowa m'mabuku mochedwa, pamene Heinrich Glarean anaziwonjezera pa mamodi akale m'buku lake la mu 1547. Mayina a mamodiwa ndi obwereka kwa Agiriki, koma chimene Agiriki akale ankachitcha Doriyani sichinali sikelo imene tikukambayi, choncho musadabwe mukakumana ndi zosiyana powerenga za nthawi imeneyo.

Pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe chifukwa mudzakumana nawo m'maphunziro a jazi. Mudzamva akuti pa Dm7, G7, Cmaj7, muziimba D Doriyani pa khodi yoyamba, G Mikisolidiyani pa yachiwiri, C Ayoniyani pa yachitatu. Monga njira yokumbukira manoti oti mutsamirepo pa khodi iliyonse, zimathandiza. Koma nyimbo imeneyo ili mu C meja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo Dm7 ndi mlendo wodutsa amene akupita kwa C. Kamvekedwe ka Doriyani simukapeza pamenepo, chifukwa D sanakhalepo pakhomo. Kuti mumve modi yeniyeni itapatsidwa malo, mvetserani “So What” ya Miles Davis ya mu 1959. Ili ndi mabaa 32: 16 pa D Doriyani, 8 pa Eb Doriyani, ndi 8 kubwerera pa D Doriyani. Palibe makhodi othamangitsana, modi imodzi imakhala nthawi yokwanira kuti khutu likhazikikemo, ndipo ikasuntha ndi theka la sitepe mumamva ngati chipinda chonse chanyamulidwa.

Izi zikutifikitsa pa malire a Doriyani, amene ndi bwino kuwanena poyera. Imakonda makhodi ochepa, awiri kapena atatu, ozungulira mobwerezabwereza pamwamba pa besi yokhazikika. N'chifukwa chake imapezeka kwambiri mu nyimbo zovina zokhala pa kagundidwe kamodzi, mu jazi ya mamodi, ndi mu nyimbo zakale za anthu wamba za ku Ireland ndi ku England, zimene zambiri zimangosinthana pakati pa khodi ya pakhomo ndi ya sitepe imodzi pansi pake. Mukaipatsa ulendo wautali wa makhodi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, kawirikawiri imatsetserekera ku C meja inu osadziwa. Maina wamba amapirira ulendo wotere bwinoko, ngakhale nayenso ali ndi mnansi womukoka, F meja, kudzera pa C7. Ngati nyimbo yanu ikufuna kukwera phiri, kufika pachimake, kenako n'kugwa ndi mphamvu pakhomo, maina ndiye ali ndi zipangizo zake, makamaka mukabwereka C# kuti khodi yachisanu ikhale A meja kapena A7. Koma dziwani kuti A7 yopita ku Dm ndi chilankhulo cha kiyi ya maina. Mukaiika mu Doriyani, B ndi C# pamodzi zimakupatsani D E F G A B C#, yomwe ndi sikelo ina, melodiki maina, ndipo kufatsa kuja kwa C wokwera sitepe yathunthu kupita pa D kumatha. Doriyani imatsekera ndi G kupita ku Dm, kapena C kupita ku Dm, kapena Em kupita ku Dm, mofewa, popanda kumenyetsa chitseko.

Mamodi enawo mudzawamvetsa mwa njira yomweyi ya kusuntha noti imodzi pa khomo limodzi. Kuchokera pa D Doriyani, kwezani F akhale F#, mwalowa mu D Mikisolidiyani, yomwe ndi ya mtundu wa meja. Tsitsani B akhale Bb, mwalowa mu maina wamba. Kuchokera pamenepo tsitsani E akhale Eb, ndi Firijiyani. Tsitsaninso A akhale Ab, ndi Lokiriyani, imene khodi yake ya pakhomo siikhazikika n'komwe. Doriyani ndiye ili pa malire penipeni, noti imodzi kuchokera ku mbali ya meja, noti imodzi kuchokera ku maina wamba, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake imamveka ngati yaponda mbali zonse ziwiri.

Musakhalitse pa D, chifukwa makiyi oyera amanyenga, amachititsa munthu kuganiza kuti Doriyani ndi malo a pa kiyibodi. Tengani maina wamba aliyense amene mukumudziwa, mukweze noti yake yachisanu ndi chimodzi ndi theka la sitepe. Pa A, F akhale F#, ndipo makhodi anu awiri ndi Am ndi D. Pa E, C akhale C#, makhodi ndi Em ndi A. Pa G, Eb akhale E, makhodi ndi Gm ndi C. Pa nyimbo yolembedwa mudzaona zomwezo kumayambiriro kwa mzere: D maina ali ndi fulati imodzi, D Doriyani ilibe, G maina ali ndi mafulati awiri, G Doriyani ili ndi imodzi, E maina ali ndi shapu imodzi, E Doriyani ili ndi awiri. Olemba ena amasiya chizindikiro cha maina wamba kumayambiriro n'kumakonza noti yachisanu ndi chimodziyo paliponse pamene yapezeka, ndiye mukaona nyimbo ya D maina imene B wake aliyense wachotsedwa fulati, mwaigwira. Kachidutswa ka mabaa 8 kaja kasamutsireni ku A poyamba: makhodi akhala Am, D, Am, D, G, D, Am, Am, ndipo noti yautali ya pa baa 4 ikhala F#.